MAFUWA ATATU A PENSHONI: Mawu Onenedwa ndi Mlembi pa Msonkhano wa pa Katunga



Pa msonkhano wapitawo munatilamula kuti tikonze mawu ofotokoza mawerengedwe a penshoni, pakuti madandaulo a anthu opuma pantchito achuluka pamabwalo a mafumu. Wina adandaula kuti anam'chepetsera. Wina anakongola ndalama kwa a katapila poyembekeza chuma chambiri, ndipo pamene chuma chinafika sichinakwane ngakhale kubweza ngongoleyo. Ife sitili oweruza, tili alembi chabe. Koma ntchito ya mlembi ndiyo kuwerenga, ndipo chimene taphunzira pa ntchitoyo tichiika pamaso panu lero. Tipempha kuti mutimvere modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

1. Penshoni ili ya mitundu iwiri

Tisanayambe kuwerenga, tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu aziitana ndi dzina limodzi.

Mtundu woyamba ndiwo penshoni yosonkha. M'chaka cha 2011 linayamba kugwira ntchito lamulo la penshoni la dziko lino, lonena kuti wolemba ntchito aziika m'thumba la wantchito wake K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito mwini aziika K5. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2023. M'mtundu umenewu munthu alandira zimene zinasonkhedwa pamodzi ndi phindu lake. Ifanana ndi nkhokwe: utapamo zimene unathiramo. Anyamata ndi asungwana athu ambiri a m'makampani ali m'menemu, ndiponso kuyambira m'chaka cha 2017 antchito a Boma amene pa nthawiyo anali a zaka 35 kapena kucheperapo analowetsedwa m'thumba losonkha.

Mtundu wachiwiri ndiwo penshoni yolonjezedwa, imene akulu ambiri a m'Boma, aphunzitsi, alembi ndi alangizi amene analowa ntchito kale, ali kuidikira. M'menemu safunsa kuti unasonkha zingati. Lamulo lilonjeza kuti pa tsiku lopuma adzatenga ziwerengero zitatu nadzazichulukitsa, ndipo chotulukapo ndicho penshoni yako kufikira imfa. Mawu athu a lero ali a mtundu wachiwiriwu wokha. Munthu ayambe wadziwa mtundu umene alimo, kuti angawerengere nkhokwe ya mnzake.

2. Mafuwa atatu

Mphika ukhala pa mafuwa atatu, ndipo fuwa limodzi likafupika, mphika wonse upendekeka. Momwemonso penshoni yolonjezedwa. Fuwa loyamba ndilo zaka za ntchito. Lachiwiri ndilo malipiro otsiriza. Lachitatu ndilo gawo la pachaka, ndiko kunena kachigawo ka malipiro kamene munthu adzipezera pa chaka chilichonse chimene wagwira. Polemba tilemba chotere:

penshoni = zaka za ntchito × gawo la pachaka × malipiro otsiriza

Mawerengedwe amenewa sanayambire kuno. M'chaka cha 1859 nyumba ya malamulo ya ku Mangalande inaika lamulo la penshoni ya antchito a Boma lawo. Linati munthu adzalandira gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro ake pa chaka chilichonse cha ntchito. Kuti ayenera kukhala atagwira zaka 10 asanayenere penshoni. Ndi kuti zaka zowerengedwa sizidzapitirira 40. Mwambo umenewu unafalikira m'maiko amene Angerezi analamulira, dziko lililonse ndi gawo lakelake. Ife tigwiritsa ntchito gawo lakale lija la 1/60 monga chitsanzo, chifukwa ligawika bwino pamutu. Koma aliyense adzaike gawo lolembedwa m'malamulo a thumba lake.

Tsono tiyerekeze mphunzitsi amene wagwira zaka 30, ndipo malipiro ake otsiriza ndi K360,000 pa mwezi. Tigawe malipirowo m'magawo 60. Gawo limodzi likhala K6,000. Chaka chilichonse chimene anaimirira pamaso pa ana chim'gulira gawo limodzi lotere. Zaka 30 zim'gulira magawo 30, ndipo 30 kuchulukitsa ndi K6,000 ipereka K180,000 pa mwezi, ndiyo K2,160,000 pa chaka. Muona kuti ili theka la malipiro ake, pakuti 30 ali theka la 60.

Palibe chinsinsi china choposa ichi. Mavuto onse amene afika pamabwalo anu abadwa pamene chimodzi cha ziwerengero zitatuzi chalembedwa molakwa, kapena pamene mwini wake anachimva molakwa. Tiziyang'ane chimodzichimodzi.

3. Gawo la pachaka

Pano pali msampha umene ukola ngakhale ophunzira. Munthu akamva kuti kwina apereka 1/80 ndipo kwina 1/60, ayesa kuti 80 ndiyo yabwino popeza ili yaikulu. Si chomwecho ayi. Mbuzi yogawira anthu 80 ipatsa munthu aliyense nthuli yaing'ono koposa mbuzi yogawira anthu 60. Chiwerengero cha pansi chikakula, penshoni ichepa.

Timuyese mphunzitsi yemwe uja, zaka zake 30 ndi malipiro ake K360,000 osasintha. Pa 1/80, gawo limene Angerezi anasinthirako m'chaka cha 1909 pamene anawonjeza ndalama yolandira kamodzi, chaka chilichonse chigula K4,500, ndipo penshoni ikhala K135,000. Pa 1/60 taona kale kuti ili K180,000. Thumba la antchito a Boma la South Africa, dziko limene ana athu ambiri apitako, liwerengera antchito ake wamba 1/55, ndipo pa gawo limenelo mphunzitsi wathu akadalandira ngati K196,000. Munthu ndi mmodzi, thukuta ndi limodzimodzi, koma ndalama zisiyana chifukwa cha fuwa limodzi lokha.

Msampha wachiwiri ndi uwu: malamulo ena awerenga miyezi, osati zaka. Lamulo la penshoni yolonjezedwa la antchito a Boma la Kenya linaika gawo la 1/480 pa mwezi uliwonse. Munthu woona 480 angachite mantha kuti gawolo lachepetsetsa. Koma chaka chili ndi miyezi 12, ndipo 480 kugawa ndi 12 ipereka 40. Chotero 1/480 pa mwezi ili chimodzimodzi 1/40 pa chaka. Pa gawo limeneli mphunzitsi uja akadalandira K270,000. Chifukwa chake mukaona chiwerengero cha mazana pansi pa mzere, funsani ngati chili cha mwezi, ndipo muchigawe ndi 12 musanachiyerekeze ndi china. Kuwerenga miyezi kuli ndi ubwino wake, pakuti munthu wa zaka 29 ndi miyezi 11 sataya miyezi 11 ija.

Dziwaninso kuti malamulo ambiri aika denga. M'lamulo la 1859 denga linali magawo 40 mwa 60, ndiwo magawo awiri mwa atatu a malipiro. Wofika padenga, ngakhale awonjeze zaka zisanu, zakazo sizim'gulira gawo lina. Chimene chingakweze penshoni yake ndi kukwera kwa malipiro kokha.

4. Malipiro otsiriza

Mawu akuti malipiro otsiriza satanthauza ndalama zonse zimene munthu alowa nazo m'nyumba pakutha pa mwezi. Pa chipepala cha malipiro pali malipiro enieni a giredi yake, ndipo pambali pake pangakhale ndalama zowonjezera, monga za nyumba, za ulendo, kapena za kugwira ntchito kumalo ovuta. Kawirikawiri malamulo awerenga malipiro enieni okha, ndi zowonjezera zokhazo zimene malamulowo azitchula.

Tinene kuti mphunzitsi uja anali kulandira K420,000, koma K60,000 mwa izo inali yowonjezera. Iye poŵerengera pakhonde pake agawa K420,000 pakati, nayembekeza K210,000. Kalata ikafika ndi K180,000 afuula kuti am'bera, pamene sanam'bere konse. Anangokhazika mphika pa fuwa losakhala lake.

Chachiwiri, mawu akuti otsiriza ali ndi matanthauzo awiri. Malamulo ena atenga malipiro a tsiku lopuma. Ena atenga malipiro a miyezi yambiri yotsiriza, nawaphatikiza, nawagawa mofanana. Thumba la ku South Africa lija litenga miyezi 24 yotsiriza. Kusiyana kwake kuoneka pa munthu wokwezedwa mochedwa. Ngati mphunzitsi wathu analandira K300,000 m'chaka choyandikana ndi chotsiriza, nakwezedwa kufika K360,000 m'chaka chotsiriza, pakati pa ziwirizi pali K330,000. Theka lake ndi K165,000, osati K180,000. Malamulo achita dala chomwechi, kuti munthu asakwezedwe ndi bwenzi lake mwezi umodzi asanapume nadya penshoni ya udindo umene sanausenze.

Koma onaninso mphamvu ya fuwa limeneli. Kukwezedwa kwa pamapeto sikukweza chaka chimodzi chokha; kukweza mtengo wa zaka zonse zam'mbuyo. Munthu wa zaka 30 akakwezedwa ndi K60,000 yowerengedwa yonse, penshoni yake ikwera ndi K30,000 mwezi uliwonse kufikira imfa. Chotero kalata ya kukwezedwa imene inalembedwa koma sinafike pa chipepala cha malipiro siili kanthu kakang'ono. Amene ali nayo kalata yotere aitsate lero, akali pantchito.

5. Zaka za ntchito

Fuwa ili ndilo ligwetsa miphika yambiri kuno ku chigwa, ndipo tikhalapo pang'ono. Munthu awerenga zaka zake kuyambira tsiku limene anayamba kudzuka m'mamawa kupita kuntchito. Malamulo awerenga zaka zoyenera penshoni zokha. Nthawi ya uganyu kapena ya ntchito yongogwirizira, nthawi ya tchuthi chopanda malipiro, ndi zaka za munthu amene anasiya ntchito nadzalowanso, zonsezi malamulo a thumba lililonse anena ngati ziwerengedwa kapena ayi. Ndipo ngakhale zaka zoyenera siziwerengedwa ngati palibe pepala lozichitira umboni.

Anadza kwa ife mkulu wina wa kuno, amene dzina lake sitilitchula, kuti timuwerengere kalata yake ya penshoni. Ziwerengero zake tazisintha kuti zifanane ndi chitsanzo chathu, koma nkhaniyo ili momwe inachitikira. Iye ananena kuti anagwira zaka 30. Kalata inanena 26. Tinaona kuti malipiro analembedwa bwino ndipo gawo linalembedwa bwino, koma tsiku loyambira ntchito silinali limene iye analitchula. Wolemba anatenga tsiku la kalata yom'khazikitsa pantchito, imene inachedwa zaka zinayi, m'malo mwa tsiku la kalata yom'lemba poyamba. Pamene malamulo a thumba lake anali kuwerenga nthawi ya kuyesedwa kwa munthu amene pambuyo pake anakhazikitsidwa.

Tiyeni tione mtengo wa zaka zinayizo. Chaka chilichonse chili K6,000 pa mwezi. Zinayi zili K24,000. Penshoni yake inatsika kuchoka pa K180,000 kufika pa K156,000. Pa chaka ataya K288,000. Mulungu akam'patsa zaka 15 za kupuma, zotayika zikwana K4,320,000, ndiwo malipiro ake a chaka chathunthu. Zonsezi chifukwa cha mzere umodzi pa pepala.

Tinam'funsa kalata yake yoyamba. Anati inapita ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamodzi ndi sutikesi ndi zonse zinali m'menemo. Mafumu, inu mudziwa koposa ife kuti Shire ndi mitsinje yothiramo safunsa chimene chili m'sutikesi. Anatenganso zambiri mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Mwamwayi mlongo wake wokhala kumtunda anasunga chipepala chimodzi cha malipiro cha chaka chake choyamba, chimene anam'tumizira kalekale monyadira. Pa chipepalacho panali nambala yake ya ntchito ndi mwezi wake. Tinalemba kalata, tinaphatikizapo chithunzi cha chipepalacho, ndipo patapita miyezi yambiri ndi maulendo odula zaka zinayi zija zinabwezedwa. Koma si onse ali ndi mlongo wotere.

Tsiku lobadwa nalonso lilowa m'menemu. Antchito a Boma apuma mokakamizidwa pa zaka 60. Ngati pa faelo panalembedwa chaka chom'kulitsa munthu ndi zaka ziwiri, adzam'pumitsa zaka ziwiri nthawi isanakwane. Ataya malipiro a zaka ziwirizo, ataya magawo awiri a penshoni, atayanso kukwera kwa malipiro kumene kukadam'peza. Aliyense ayerekeze chaka cha pa faelo ndi cha pa chiphaso chake cha unzika.

6. Ndalama yolandira kamodzi

Ambiri poti penshoni aganiza za mtolo wa ndalama umene ufika poyamba, umene auitana giratuwiti. M'malamulo ena ndalama imeneyi ili yapadera, yowerengedwa payokha. Koma m'malamulo ena siili mphatso. Ili gawo la penshoni yako yomwe, imene waigulitsa kuti uilandire lero.

Lamulo la ku Kenya lija lionetsa bwino machitidwe ake. Munthu apereka gawo limodzi mwa magawo anayi a penshoni yake ya pachaka, ndipo gawolo alichulukitsa ndi 20. Tiyese pa mphunzitsi wathu. Penshoni yake ya pachaka ili K2,160,000. Gawo limodzi mwa anayi lili K540,000. Kuchulukitsa ndi 20 ipereka K10,800,000 m'manja. Koma kuyambira pamenepo ya pamwezi siilinso K180,000 ayi. Ili K135,000, pakuti K45,000 anaigulitsa.

Kodi wapindula kapena wataya? Gawani K10,800,000 ndi K45,000, mupeza miyezi 240, ndizo zaka 20. Walandiriratu za zaka 20 zam'tsogolo. Akamangira nyumba ya malata pamalo okwera, kapena kugula ng'ombe, ndalamayo ikhalabe ndi iye. Koma akaipereka kwa a katapila amene anam'kongoza poidikira, watsala ndi mphika wochepa ndipo m'manja mulibe kanthu. Madzi akatayika saoleka. Funso loyenera kufunsa lili pawiri: ndi gawo lotani la penshoni limene lichotsedwa, ndipo alichulukitsa ndi chiwerengero chanji?

7. Chimene mawerengedwe sachita

Mawerengedwe amenewa achitika kamodzi, pa tsiku lopuma. Sadziwa mtengo wa thumba la chimanga pa msika wa pa Nchalo zaka khumi zikudzazo. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo inakwera, koma chiwerengero cha pa kalata ya wopuma sichikwera chokha. Chikwera pokhapokha malamulo a thumba atalamula, kapena eni thumba atasankha kuchikweza. Chifukwa chake alembi awiri a giredi imodzi ndi zaka zofanana angalandire mosiyana kwambiri, popeza wina anapuma kale pa malipiro akale. Uku si kulakwa kwa wowerenga. Ndi malire a lonjezo lomwe. Ngati Bungwe lifuna kudandaula pa ichi, lidandaule popempha kuti penshoni zikwezedwe, osati ponena kuti masamu analakwika.

8. Zimene tipempha msonkhano uvomereze

Choyamba, kuti munthu aliyense wa penshoni yolonjezedwa amene kwam'tsalira zaka zisanu apite ku ofesi yosunga faelo yake, nakalembe ziwerengero zinayi izi monga zili pa faelo: tsiku lobadwa, tsiku loyambira ntchito, malipiro enieni a giredi yake, ndi gawo la pachaka kapena la pamwezi. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, kuti kalata yolembedwa ntchito, kalata yokhazikitsidwa, makalata a kukwezedwa, ndi chipepala choyamba ndi chotsiriza cha malipiro zijambulidwe kawiri, ndipo zina zisungidwe kwa mbale wokhala kumtunda kumene madzi safika.

Chachitatu, kuti dandaulo la penshoni likafika pabwalo, Mafumu ayambe afunsa wodandaulayo kuti fuwa lolakwika ndi liti: zaka, malipiro, kapena gawo. Kalata yonena kuti andichepetsera ikhala pansi pa mulu. Kalata yonena kuti mwalemba zaka 26 pamene zili 30, umboni nawu, iyankhidwa.

Chachinayi, kuti Mafumu ndi a nyakwawa asachitire umboni ngongole iliyonse yodalira giratuwiti, kufikira wokongolayo ataonetsa pa pepala ndalama imene adzalandiradi, ndi imene idzam'tsalira pa mwezi.

Chachisanu, kuti akazi a opuma adziwe pamene mapepala ali, pakuti tsiku la maliro si tsiku lofunafuna makalata.

Ife alembi tidzakhala ndi pensulo ndi pepala pa mapeto a msonkhano uno, ndipo aliyense amene wadza ndi kalata yake tidzawerenga naye pamodzi, mzere ndi mzere, popanda malipiro. Ngati talakwa pa mawu ena, akulu atikonze. Bambo Wapampando, Mafumu ndi abale, mawu athu athera pamenepa.

Ife antchito anu,
Mlembi wa Bungwe, pa Katunga.